Kamzere koyera m'mphepete mwa tsitsi: kumene kamachokera ndi mmene timakachotsera

Maposita a kichini pate, a chilanga mulilo ndi a misonkhano ya tchalitchi amene timawaona pa makoma ku Matero, ku Chawama kapena ku Kamwala amakonda kukhala ndi limodzi mwa mavuto awiri. Pena tsitsi la munthu ladulidwa mosalala zedi, titsitsi tonse ta m'mbali tapita, mutu wangokhala chibulunga. Pena tsitsi lilipo ndithu, koma lazunguliridwa ndi kamzere koyera kapena kotuwa, kamene kamaulula kuti munthuyu anajambulidwira kwina. Ambiri amene amagwira ntchito imeneyi amaganiza kuti vuto lachiwirili limabwera chifukwa masiki, chophimba chimene chimasankha mbali ya chithunzi yooneka ndi yobisika, sinadulidwe bwino, ndiye amaibwereza kangapo, kuifinya, mpaka kugwera mu vuto loyamba lija. Koma masiki ikhoza kukhala yolondola kwathunthu, kamzere kaja n'kukhalapobe. Kudula tsitsi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Ina ndi yopeza pamene tsitsi lili ndi kuchuluka kwake, ina ndi yochotsa mtundu wa khoma lakale umene unalowa m'tsitsimo pa nthawi yojambula.

Tiyambe ndi zimene kamera imaona. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono, mapikiselo, ndipo pikiselo iliyonse imasunga mtundu umodzi basi. Phewa la munthu ndi lalikulu, choncho pafupifupi pikiselo iliyonse ya pamenepo ndi ya phewa yokha kapena ya khoma yokha. Tsitsi limodzi ndi lopyapyala kuposa pikiselo pa zithunzi zambiri zojambulidwa kuchokera m'chiuno kupita kumutu. Likadutsa pa pikiselo silimaidzaza, limangophimba mbali yake, ndipo kamera imasakaniza mtundu wa tsitsi ndi wa khoma n'kulemba nambala imodzi. Anthu opanga mafilimu anakumana ndi zimenezi kalekale, ndipo mu 1984 Thomas Porter ndi Tom Duff, amene ankagwira ntchito ku Lucasfilm, analemba masamu amene mapulogalamu osanjikiza zithunzi amatsatirabe mpaka pano. Mwachidule ndi awa:

```
C = a × F + (1 − a) × B
```

C ndi mtundu umene mukuuona pa pikiselo, F ndi mtundu weniweni wa tsitsi, B ndi mtundu wa zimene zili kumbuyo, pamene a ndi gawo la pikiselo limene tsitsi laphimba, kuyambira 0 kufika 1. Masiki yanu ndi a ameneyu: kuyera ndi 1, kuda ndi 0, kutuwa ndi kwa pakati. Onani kuti masiki siikhudza F ngakhale pang'ono. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Titenge ntchito imodzi n'kuitsatira mpaka kumapeto. Banja lina la ku Chilenje likufuna posita ya A3 ya kichini pate ya mwana wawo. Mkwatibwi ali ndi tsitsi lake lachibadwa, lopesedwa m'mwamba, lotukuka mbali zonse, ndipo anajambulidwa ataima patsogolo pa khoma la penti ya kirimu. Positayo akuifuna ya buluu wakuda, wogwirizana ndi chitenge cha mwambowo. Tsegulani chithunzi mu Photoshop, dinani F8 kuti patuluke Info, n'kuyendetsa mausi. Pa sikelo ya 0 mpaka 255, tinene kuti khoma likuwerenga pafupifupi 230, m'kati mwa tsitsi 30, ndipo buluu wa posita ndi wowala ngati 40. Manambala enieni amakhala atatu pa pikiselo iliyonse, a R, G ndi B, koma imodzi ikukwanira kuti tione chimene chikuchitika.

Pikiselo imene tsitsi laphimba theka lake idzawerenga 130, pakati pa 30 ndi 230. Tinene kuti masiki yanu yalondola, yaipatsa theka. Mukaisamutsira pa buluu, Photoshop itenga theka la 130 n'kuphatikiza ndi theka la 40, yankho ndi 85. Koma mkwatibwi akanajambulidwadi patsogolo pa buluuyo, pikiselo imeneyi ikanakhala theka la 30 ndi theka la 40, kutanthauza 35. Ndiye mwapeza 85 pamalo pa 35, kadontho kowala kuposa tsitsi komanso kowala kuposa buluu. Timadontho totere tikazungulira mutu wonse, kamzere kaja kabadwa. Masiki ilibe mlandu. Khoma la kirimu likadali m'kati mwa mapikiselowo.

Izi zikufotokozanso chinthu chimene chimadabwitsa ambiri, kuti munthu yemweyo ukamuika pa posita yowala amaoneka bwino. Pa mtundu wowala ngati 220, pikiselo ija imatuluka 175 pamalo pa 125. Yalakwikabe, koma yalakwikira kumbali ya mtundu wa kumbuyo, ndiye tsitsi limangooneka lochepa pang'ono, palibe amene angaloze chala. Chifukwa chake ngati muli ndi mpata wosankha, khoma lojambulirapo lizifanana kuwala kwake ndi kumene munthuyo akupita. Koma makasitomala amabwera ndi chithunzi chimene ali nacho.

Musanagwire burashi, funsani za fayilo. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwanthawi zonse chimachepetsedwa ndi kupanikizidwa, ndipo JPEG imagwira ntchito m'timabwalo ta mapikiselo 8 kwa 8. Ikapanikizidwa kwambiri, malo oyamba kuonongeka ndi pamene pakukumana chakuda ndi choyera, ndendende m'mphepete mwa tsitsi. Posita ya A3 pa 300 ppi imafuna mapikiselo 3508 kwa 4961, choncho kachithunzi kochepetsedwa kadzayenera kukulitsidwa, n'kukulitsanso zinyalala zonse zija. Mawu ake ndi osavuta: "Amai, mutipemphereko kwa amene anajambula atitumizire chithunzi chenichenicho, asankhe Document potumiza." Funsaninso ngati chinajambulidwa ndi Portrait ya pa foni. Portrait imapaka chifunga kumbuyo kwa munthu, ndipo kawirikawiri imadyera limodzi titsitsi ta m'mphepete. Zimene foni yafafaniza sizibwereranso, ngakhale mutakhala katswiri chotani.

Tsopano ntchito yoyamba, masiki. Thupi ndi tsitsi musazidule ndi chida chimodzi. Mapewa, manja, chitenge ndi khosi zili ndi malire olimba, ndipo Pen Tool imazidula bwino kuposa china chilichonse. Dutsani pang'ono m'kati mwa malire, ngati pikiselo imodzi, ndipo mukafika pa tsitsi ingolowani m'kati mwake momwe muli mdima wokhawokha, osayesa kutsatira m'mphepete. Sungani njirayo mu Paths. Tsitsi tilipeza kudzera mu Channels.

Mu Channels muona zithunzi zitatu zotuwa, Red, Green ndi Blue. Yang'anani imene tsitsi ladera kwambiri, khoma n'kuyera kwambiri. Ambiri anaphunzitsidwa kuti nthawi zonse ndi Blue, ndipo n'zoona kuti khungu limada kwambiri mmenemo. Koma khoma la kirimu limadanso pang'ono mu Blue, ndipo tchanelo imeneyi ndi imene kawirikawiri imakhala ndi tinyalala tambiri, makamaka pa zithunzi za m'nyumba. Pa mkwatibwi wathu, popeza nkhope ndi thupi tazidula kale ndi Pen Tool, sitikufuna thandizo la Blue pa khungu. Green kapena Red ikhoza kupereka m'mphepete moyera. Kokerani imene mwasankha pa kachizindikiro kopangira tchanelo yatsopano kuti mugwire ntchito pa kope. Mukasintha yeniyeniyo mwaononga mitundu ya chithunzi.

Pa kopeyo dinani Ctrl+L kuti mutsegule Levels. Apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera, ndipo ndi pofunika kuchedwapo. Mtima umakuuza kuti ukokere tizizindikiro tiwiri tija, kakuda ndi koyera, pafupi kwambiri pakati, chifukwa chithunzi chimaoneka chodulidwa bwino, chakuda bii ndi choyera mbee. Tiyeni tione chimene chimachitika mukaika kakuda pa 100, koyera pa 160. Pikiselo imene tsitsi laphimba gawo limodzi mwa magawo anayi imawerenga 180, ndiye ili pamwamba pa 160, yasanduka khoma, katsitsi kaja kapita. Imene tsitsi laphimba magawo atatu mwa anayi imawerenga 80, ili pansi pa 100, yasanduka tsitsi lathunthu pamodzi ndi kirimu amene ali m'kati mwake. Mwataya titsitsi topyapyala, mwalimbitsanso kamzere. Koma mukaika kakuda pa 30, pamene pali tsitsi lenileni, koyera pa 230, pamene pali khoma, pikiselo ya 130 ija imagwera pakati penipeni, ndipo masiki imaipatsa theka, monga mmene zilili. Manambala awiri amene munawerenga mu Info aja ndi amene mumalemba mu Levels.

Khoma silikhala lowala mofanana paliponse. Pafupi ndi phewa pamene pagwa mthunzi likhoza kuwerenga 205, kumwamba 232. Musatsitse kachizindikiro koyera kufika 205 chifukwa cha malo amodzi, chifukwa mukatero mwadula titsitsi ta kumwamba popanda chifukwa. Ikani pa 225 kapena pamenepo, kenako malo amthunziwo muwayeretse paokha ndi Dodge Tool, Range ili pa Highlights, Exposure yotsika ngati 10%, mukudutsa kangapo mofatsa. Ikakhala pa Highlights imayeretsa zotuwa zowala n'kusiya zakuda pafupifupi mmene zinalili. Mukamaliza dinani Ctrl+I kuti tsitsi liyere, khoma lide, popeza pa masiki choyera ndi chimene chimaoneka.

Mudzaona timabowo takuda m'kati mwa tsitsi, ndipo tili mitundu iwiri. Tina ndi mipata yeniyeni imene khoma likuonekera, makamaka kumapeto kwa tsitsi lotukuka, ndipo timeneti tiyenera kukhala, chifukwa buluu akaonekera mmenemo ndi pamene diso limakhulupirira kuti munthuyu analidi pamenepo. Tina ndi kunyezimira kwa mafuta kapena kwa wigi, kumene tchanelo yakuona ngati khoma chifukwa n'kowala. Timeneti muyenera kutitseka ndi burashi yoyera, apo ayi pa mutu wa mkwatibwi padzakhala madontho a buluu. Kuti musiyanitse, yatsani kadiso ka RGB muone chithunzi chenicheni pansi pa tchanelo. Kunyezimira kumatsatira kupindika kwa mutu ndipo kumakhala kumbali imene kuwala kukuchokera, pamene mpata weniweni uli ndi mtundu wa khoma.

Kenako phatikizani ziwirizi. Gwirani Ctrl n'kudina njira yanu ya mu Paths kuti isanduke chosankhidwa, mudzazemo zoyera pa tchanelo ija, ndipo kunja kwa thupi, kupatula kuzungulira tsitsi, mupake zakuda. Gwirani Ctrl n'kudina kachithunzi ka tchanelo, bwererani ku Layers, dinani Add layer mask. Ikani buluu pansi. Kamzere koyera kaoneka ndithu, ndipo musachite mantha. Sitinayambe kukakonza.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito Select and Mask, imene inalowa m'malo mwa Refine Edge mu 2016 ndipo imatseguka ndi Ctrl+Alt+R. Imathandiza, makamaka pamene kumbuyo kuli mitundu ingapo imene tchanelo imodzi singaisiyanitse. Refine Edge Brush imayang'ana zimene mwasankha kale kuti ndi munthu ndi zimene mwasiya kuti ndi kumbuyo, n'kuyerekeza gawo la chilichonse pamene mwapaka. Cholakwa chofala ndi kupaka ndi burashi yaikulu mpaka m'kati mwa mutu. Ikatero imayamba kukayikira ngakhale tsitsi lathunthu, n'kulisiya loonekera mkati. Mungadziwe pogwira Alt n'kudina masiki: m'kati mwa tsitsi muyenera kukhala moyera mbee, osati mwa mawangamawanga otuwa. Pakani m'mphepete mokha, ndipo Smooth ndi Feather muzisiye pa 0 mukakhala pa tsitsi, chifukwa zonse ziwiri zimapha titsitsi. Ine pa khoma la mtundu umodzi ndimasankhabe tchanelo, chifukwa ndimaona nambala iliyonse imene ndikusintha.

Njira yachidule imene anthu amathamangira akaona kamzere ndi kufinya masiki, ndi Shift Edge kapena Filter > Other > Minimum. Pa phewa ndi pa chitenge imagwira bwino ntchito, pikiselo imodzi yokha ndipo mzere wapita. Pa tsitsi imadya mbali zonse ziwiri za katsitsi kalikonse, ndiye kamene kanali ka mapikiselo awiri m'lifupi kamazimiririka. Ngati mukuifuna, sankhani thupi lokha musanaigwiritse ntchito.

Ntchito yachiwiri ndi mtundu, ndipo ndi imene imachotsa kamzere. Cholinga ndi chakuti pansi pa masiki, paliponse pamene masiki ili yotuwa, pakhale mtundu wa tsitsi lenileni m'malo mwa wosakanikirana uja. Pangani leya yatsopano pamwamba pa mkwatibwi, dinani Ctrl+Alt+G kuti imamatire kwa iye, kotero kuti chilichonse mupakepo chizingoonekera pamene masiki yalola. Sinthani leyayo kuchoka pa Normal kupita pa Darken. Tengani burashi yofewa, gwirani Alt mudine m'kati mwa tsitsi pafupi ndi pamene mukufuna kukonza kuti mutole mtundu wake, n'kupaka m'mphepete mosaopa kutulukira kunja, popeza kunja sikuoneka. Darken imasintha mapikiselo okhawo amene ali owala kuposa utoto wanu. Mukatola 35, pikiselo ya 130 ija imatsika kufika 35, pamene zakuda kuposa 35 zimakhala mmene zinalili. Theka la 35 ndi theka la 40 ndi pafupifupi 37, pafupi kwambiri ndi 35 amene timafuna. Kamzere kazima, titsitsi tonse tilipo.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Tsitsi lakuda silikhala la mtundu umodzi: kumbali ya zenera limakhala lofiirira ndi lowalirapo, kumbali ina lakuda bii. Mukapaka mutu wonse ndi utoto umodzi, m'mphepete mudzaoneka mzere wakuda wosalala, umene ndi kamzere komweko kutangosintha mtundu. Tolani mtundu mwatsopano mukangosuntha pang'ono, kapena gwiritsani ntchito Clone Stamp pa leya yomweyo, Sample ili pa Current & Below, kuti mukopere tsitsi lenileni ndi mawanga ake kuchoka m'kati kupita m'mphepete. Chachiwiri, musalowe kwambiri m'kati, chifukwa Darken idzazimitsanso kunyezimira kwachibadwa, tsitsi n'kuoneka lakufa.

Ena amauzidwa kuti aike leya imeneyi pa Color. Zimadalira vuto lake. Color imasintha mtundu koma siisintha kuwala. Munthu akajambulidwa pansi pa mtengo wa mango, m'mphepete mwa tsitsi mukubiriwira, Color imachotsa kubiriwirako bwino. Koma pa khoma lathu la kirimu vuto ndi kuwala, ndiye Color ingosandutsa kamzere koyera kukhala kofiirira kowala. Nthawi zina mumafuna zonse ziwiri, leya ya Color ndi ya Darken, imodzi pamwamba pa inzake.

Decontaminate Colors ya mu Select and Mask imayesa kuchita ntchito yomweyi yokha. Imatenga mitundu ya m'kati n'kuikankhira m'mphepete, n'chifukwa chake imakukakamizani kutulutsa leya yatsopano, popeza yasintha mapikiselo enieni. Pa tsitsi lowongoka imachita bwino ndithu. Pa tsitsi lopotana lokhala ndi mipata yambiri imakonda kusiya zigamba zopakika, ndipo imakhudzanso makutu ndi mapewa amene analibe vuto. Mukaigwiritsa ntchito, sungani leya yakale pansi kuti mutengeko malo amene yaononga.

Tinene kuti amai a mkwatibwi aona positayo n'kusintha maganizo, akufuna pinki wowala. Apa pali njira ina yachangu, ndipo masamu ake ndi okoma. Multiply imachulukitsa nambala ya pamwamba ndi ya pansi n'kugawa ndi 255, choncho choyera mbee sichisintha kanthu, chakuda chimadetsa. Koperani chithunzi choyambirira chopanda masiki, muchiike pakati pa pinki ndi mkwatibwi wodulidwa. Mu Levels tengani kachida koyera kotolera mtundu mudine pa khoma kuti lisanduke 255 mu tchanelo zonse zitatu, n'kuika leyayo pa Multiply. Khoma lazimiririka, tsitsi lonse latsala, ngakhale titsitsi timene masiki singatigwire. Pikiselo ya 130 ija, khoma litayeretsedwa, imakwera kufika pafupifupi 144, ndipo 144 kuchulukitsa ndi 220 kugawa ndi 255 ndi 124. Yolondola inali 125. Pa leya ya pamwamba mumangofuta m'mphepete mwa tsitsi ndi burashi yakuda yofewa pa masiki, kuti Multiply ya pansi igwire ntchito, ndipo leya ya Multiply muipatse masiki yake yosiya kuzungulira mutu kokha.

Mukaiwala kuyeretsa khoma, 230 pa 220 imatuluka 198, ndipo kuzungulira mutu kudzakhala mtambo wodera wachikasu. Njirayi ilinso ndi malire ake. Imafuna tsitsi lakuda pa khoma lowala la mtundu umodzi, ndipo imakhala yomangika ku kumbuyo kumene mwaika. Simungaitulutse ngati PNG yoonekera kuti wina akaiike pa posita yake, chifukwa Multiply ikakhala yopanda chochulukitsa nacho khoma limabwerera. Ngati kasitomala akufuna munthu yekha wodulidwa, bwererani ku masiki ndi Darken, ndipo musasunge ngati JPEG, imene siisunga kuonekera.

Malukidwe ngati mukule ndi osavuta kuposa tsitsi lotukuka, chifukwa malire ake ndi olimba. Adule ndi Pen Tool monga thupi, kenako mubweze titsitsi touluka pang'ono kuchokera mu tchanelo. Osatibweza tonse. Mwini chithunzi sangadandaule kuti mwachotsako tina, koma mukachotsa tonse mutu umaoneka womata.

Ubweya wa nyama umatsata masamu omwewa, kungoti mbali zina zatembenuka. Wina wa ku Kabwata akufuna kapepala kotsatsa tiagalu, ndipo galu wake woyera anajambulidwa pa kapinga. Udzu wobiriwira umada kwambiri mu Blue pamene galu woyera amakhala wowala mu tchanelo zonse, choncho apa Blue ndiye yabwino, ndipo simufunika Ctrl+I chifukwa galu ndi woyera kale. Kamzere kake kadzakhala kakuda mobiriwira, ndiye leya yomamatira ikhale pa Lighten m'malo mwa Darken, ndipo ngati galuyo akupita pa malo odera, Screen imagwira ntchito imene Multiply inagwira pa mkwatibwi, mutadetsa kumbuyo kufika 0. Kumimba ndi m'miyendo kudzakhala kubiriwira kwenikweni, kuwala kumene udzu unabwezera pa ubweya. Kumeneko si kusakanikirana kwa m'mphepete ayi, ndipo kumafuna leya ya Color kapena Hue/Saturation yochepetsa Greens ndi Yellows pamalo pomwepo.

Chovuta ndi galu wofiirira pa dothi lofiira la kuno kwathu, kapena mphaka wakuda pa mpando wakuda. F ndi B zikafanana, pikiselo siinena chilichonse za a, ndipo palibe tchanelo kapena burashi imene ingapeze malire amene kamera sinalembe. Apa mumadula pang'ono m'kati mwa ubweya n'kupanga m'mphepete ndi manja. Pa masiki, tengani Smudge Tool yaing'ono, ya mapikiselo awiri kapena atatu, Strength pafupifupi 70%, muzikoka choyera kutulukira kunja mwachidule. Tsatirani kumene ubweya wagonera: pamsana ndi waufupi ndipo umaloza kumchira, pachifuwa ndi kumchira ndi wautali, pamphuno pafupifupi palibe. Mukakoka mofanana kuzungulira thupi lonse, galu adzaoneka ngati wagwidwa ndi magetsi. Popeza mukutulutsa masiki kunja kwa ubweya, pansi pake pali dothi, ndiye leya yomamatira yokhala ndi mtundu wa ubweya ndi yofunikabe. Ndevu za mphaka ndi bwino kuzichotsa n'kuzijambulanso pa leya yawo ndi burashi ya pikiselo imodzi kapena ziwiri, mukuyang'ana pa chithunzi choyambirira.

Musanatumize kosindikiza, yesani ntchito yanu mwankhanza. Ikani pansi leya yakuda, kenako yoyera, kenako yofiira kwambiri, mukuyang'ana pa 100%, chifukwa pa mlingo wocheperako pulogalamu imasalaza m'mphepete n'kukunamizani. Kenako gwirani Alt mudine masiki, muyendetse mausi kutali ndi mutu mukuwerenga Info. Pamene panali khoma payenera kukhala kuda kwathunthu. Mukasiya kutuwa kochepa ngati 8 pa 255, buluu wa 40 amakwera kufika pafupifupi 46. Pa laputopu masana simungaone, koma pa pepala lalikulu la mtundu umodzi pakhoza kutuluka chibwalo chotuwa kuzungulira munthu, chokhala ndi makona a chithunzi chakale. Kuti muchione msanga, ikani Levels yakanthawi pamwamba pa maleya onse, mukokere kachizindikiro koyera pansi kufika 70 kapena 80. Chilichonse chotsala chidzafuula. Chifuteni ndi burashi yakuda, ndipo pafupi ndi tsitsi ikani burashiyo pa Overlay ndi Opacity yotsika, kuti idetse zotuwa zodera popanda kukhudza zoyera mbee. Mukamaliza zimitsani Levels ija, musunge PSD yokhala ndi maleya ake onse, chifukwa mtundu wa posita ukasinthanso mudzafuna kubwerera ku leya ya Darken n'kutola mitundu ina.